Kalata Yothokoza Anthu Amene Anandikana

Kalata yondikana ntchito inandipeza ndili pa denga la nkhokwe ya apongozi anga, ndikufolela udzu. Munali m'zaka za Chitaganya, ine ndili mkamwini watsopano m'mudzi wina wa ku Ndake, chaka chisanathe chikwatilile. Makalata a kwathu konseko ankafikila kusukulu, ndiye amene anabwela nayo ndi aphunzitsi, mnzanga amene tinakhala naye benchi imodzi mpaka Sitandade 6. Anaima pansi akuikupiza m'mwamba.

"Tsikani, a bwana mlangizi! Ya ku Boma iyi."

Ndinatsika mothamanga mpaka kudzikhwekhwelesa pa mzati. Ndinaitsegula ndi kamtengo kuti envulopu isang'ambike, poganiza kuti ndi pepala lodzasunga moyo wonse. Inali ya mizele inayi, yotaipa m'Chingelezi. Ankandithokoza pobwela kudzayesedwa, ndi kunena kuti malowo apatsidwa kwa munthu wina. M'munsi munali dzina la mzungu woyang'anila zaulimi, lolembedwa ngati mapazi a nkhuku.

Ntchito yake inali yothandiza mlangizi wa zaulimi. Kuti ndikayesedwe ndinabweleka njinga, ndi kupalasa kuchokela ku Ndake, kutulukila pa Nyimba, kutsata mseu waukulu, kugona panjila kwa abale a mpingo, mpaka ku Boma la Petauke. Akazi anga anachapa malaya anga oyela ndi kuwakulunga m'nsalu yao kuti fumbi lisawapeze. Ndinakawavalila kuseli kwa mtengo pafupi ndi ofesi. Tinalipo anyamata angapo pakhonde. Amene ankatiitana mmodzimmodzi anali akalaliki aakulu a pa ofesipo, bambo wa imvi, wamfupi, wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Nsonga ya cholembela changa itathyoka pakati pa mayeso, iwo anangofika phee, kuika chao patebulo langa, ndi kubwelela pampando wao. Madzulo mzungu uja anatizungulitsa m'munda woyesela mbeu, natisonyeza mmene chimanga chimakondwela pamalo pamene chaka chatha panali nshawa. Nshawa ndi mtedza, kwathu timatelo. Ndinabwelela kumudzi mtima uli m'malo, ndipo ndinauza anthu ambili kuposa amene ndinayenela kuwauza.

Aphunzitsi anawelenga kalatayo kawili, nakwiya kuposa ine mwini. Masiku amenewo mitima inali yotentha kale. Paliponse pamene amuna akhala pansi nkhani inali ya Chitaganya, ndipo chilichonse chochokela ku Boma tinkachiona ndi diso lofiila.

"Anali naye kale munthu wao," anatelo. "Inu anangokuitanani kuti mudzaze benchi. Muwayankhe. Adziwe kuti ku Ndake kuli anthu odziwa Chingelezi."

Tsiku lotsatila, ana ataweluka, tinakhala m'kalasi ndi buku lomasulila mau, tinalemba. Inatuluka kalata ya masamba awili ndi theka. Munali mau aataliatali amene ena ine ndinali ndisanawamvepo chibadwile. Tinawafunsa ngati anayang'ana bwino satifiketi yanga, tinawauza kutalika kwa ulendo wa panjinga, tinatchula za kukondela, ndipo pomaliza tinati ngakhale atandipempha mogwada sindidzapondanso pa ofesi yao. Kunena zoona, ndinaikonda kalata imeneyo. Popita kunyumba ndinkaima panjila ndi kuwelenganso ndime zina mokweza.

Akazi anga ndinawapeza akusenda nshawa za mbeu pamphasa. Iwo sanapite patali ndi sukulu. Anasiya atangodziwa kuwelenga nyimbo za m'buku la kutchalitchi. Anali munthu woseka msanga, koma wosafulumila kuyankha. Chilandilile kalata ya ku Boma anali asananene chilichonse, kupatula kundiphikila nkhuku, imene ndinadziwa kuti ankaisungila tsiku la uthenga wabwino.

"Mwalemba chiyani, Bambo? Tandiwelengelani."

"Ndi Chingelezi."

"Ndiye muzinena m'chinenelo chathu. Si ndinu odziwa zonse ziwili?"

Ndinakhala pa mpando wachikopa ndi kuyamba. Mzele woyamba unayenda bwino. Nditafika pamene tinalemba kuti ofesi yao yadzala ndi tsankho, ndinaima. M'Chingelezi mauwo ankaoneka ngati ovala jekete, koma m'chinenelo chathu anali chipongwe chabe, chonga cha munthu woledzela. Ndinati, "Apa ndikunena kuti mwina sanaone bwino." Ndime yotsatila ndinaifewetsanso. Yachitatu ndinailumpha.

Iwo anasiya kusenda.

"Maso anu ayenda mpaka pansi pa pepala, koma pakamwa patuluka mau atatu. Enawo mwameza?"

Ndinaseka mwamanyazi.

"Nenani zonse mmene zilili. Ndili ndekha pano."

Ndinanena zonse, mpaka za kugwada zija. Anamvetsela atagwila tsaya, ndipo nditamaliza anafunsa, "Kodi amene adzatsegula kalatayi ndani? Mzungu uja?"

Ndinaganiza pang'ono. Makalata onse a pa ofesi ankayamba kufika m'manja mwa akalaliki aakulu.

"Omwe aja anakubwelekani cholembela?"

"Omwewo."

"Ooh," anatelo, nayambanso kusenda.

M'mawa mwake tili kudimba, ine ndikutunga madzi iwo akuthilila mpilu, anandifunsa ngati ntchitoyo ndikuifunabe. Ndinati yapita kale. Anati sanafunse ngati yapita, afunsa ngati ndikuifuna. Ndinatula chitini pansi ndi kuvomela kuti ndikuifuna kwambili, moti ndikaganiza za munda woyesela uja mtima umandiwawa.

"Nanga mukuwauzilanji kuti simudzapondakonso? Ofesi ya zaulimi m'dziko lino ndi imodzi yomweyo. Chaka cha mawa mudzapita kuti?"

"Ndiye ndingokhala chete?"

"Iyai. Anthu anakulandilani, anakupatsani mpando, anakuonetsani munda wao. Pochoka pakhomo pa munthu timatsazika. Muwatsazike bwino, muwauze kuti mukadalipo."

Ndinatsutsa. Ndinati kuthokoza munthu amene wakukana ndi kudzichepetsa kopusa, adzandiyesa wopemphetsa. Iwo anati sindikupempha chimene apatsa kale wina, ndipo ndisayelekeze kupempha chimenecho. Kenako anandikumbutsa, akuseka, kuti amalume ao anandibweza ulendo woyamba pamene ndinatuma anthu kudzafunsila mbeta, ati mnyamata wa sukulu sadziwa khasu. "Mukanawalembela masamba awili ndi theka, bwenzi lelo mukutungila madzi yani?"

Kalata yachiwili tinailemba awili, masana, pansi pa mtengo wa mango, bolodi la bawo nditalitembenuza pamiyendo kuti likhale tebulo. Iwo ankanena m'chinenelo chathu, ine ndikusandutsa Chingelezi, kenako ndikuwabwezela zimene ndalemba kuti amve ngati sindinaonjezemo zanga. Tinakangana pa mzele uliwonse. Ine ndinafuna kuyamba ndi kutamanda bwanayo ndi mau atatu otsatizana, ndi kudzitcha kapolo wake wosayenela. Iwo anakana. "Mailo munali mkango, lelo mwasanduka kagalu. Lembani ngati munthu." Ndinafuna kuikamo kuti ndili ndi banja ndipo zinthu zandithina, anati zimenezo ndi zathu, za m'nyumba muno. Koma pamene ndinafuna kulemba kuti sindinadandaule konse, anakananso. Anati limenelo ndi bodza, ndipo bambo wa imvi ngati uja adzalinunkhiza.

Imene inatsala inali yaifupi, yosadzaza tsamba limodzi. Pamwamba ndinalemba nambala ya kalata yao, monga tinaphunzilila kusukulu, kuti asavutike kudziwa nkhani yake. Mau ake, ndikawabwezela m'chinenelo chathu, anali otele:

"Ndalandila kalata yanu yondidziwitsa kuti malo a wothandiza mlangizi apatsidwa kwa wina. Zikomo pondidziwitsa, ndiponso pondipatsa mpata wodzayesedwa. Ndinali ndi chiyembekezo, choncho ndadandaula, koma ndalandila chigamulo chanu. Zimene ndinaona m'munda woyesela, za kubzala chimanga pamene panali nshawa, ndidzaziyesa m'munda mwanga chaka chino. Ntchito ya zaulimi ndikuifunabe. Ngati padzapezeka malo ena, ngakhale a miyezi yochepa, chonde mudzandikumbukile. Ngati n'kotheka kundiuza chimene chinandisowa, ndidzayesetsa kuchiphunzila. Makalata amandipeza kudzela kusukulu ya kuno."

Nditasaina, akazi anga anati, "Za cholembela zija zili pati?"

Ndinati zimenezo sizilowa m'kalata ya boma. Anaumilila. Tinagwilizana kuti ndilembe kapepala kena kakang'ono, m'Chinyanja, kwa akalaliki okha: "Bambo, zikomo chifukwa cha cholembela chanu tsiku lija." Ndinakapinda ndi kukalowetsa mu envulopu momwemo.

Aphunzitsi atawelenga anapukusa mutu. Anati ndagwetsa ulemu wa Sitandade 6. Komabe anakonza mau awili amene ndinalakwitsa kalembedwe, nandipatsa envulopu yao yabwino. Masamba awili ndi theka aja anawatenga, ati ndi Chingelezi chabwino chosayenela kutayika. Ndikukhulupilila kuti anakaphunzitsila ana ena mau aataliwo. Ndinafuna kudikila munthu wopita ku Nyimba sabata yotsatila, koma akazi anga anati ipite nkhope yanga isanaiwalike. M'mawa mwake ndinayenda pansi kukaiponya ndekha.

Panapita milungu itatu. Yankho silinachokele kwa mzungu. Linali la akalaliki, lolemba pamanja, m'Chinyanja chosakaniza ndi Chinsenga. Anati mayeso olemba ndinakhoza bwino. Chimene chinandigwetsa ndi funso limene bwana anandifunsa kumunda, ngati ndinagwilapo pulawo ya ng'ombe, ine ndi kuyankha kuti ndinawelenga za iyo m'buku. Amene anatengedwa anakulila m'khola. Anati kalata yanga aisunga, koma sakulonjeza kanthu.

Ndinachita manyazi pokumbukila za tsankho zija. Kwathu ku Ndake kunalibe ng'ombe nthawi imeneyo chifukwa cha kashembe, ntchentche zoluma zija zimene zimapha ziweto. Ndinakula ndi khasu la m'manja, ndipo ng'ombe ndinkaiopa ngati njati.

Akazi anga anali ndi mlongo wao wamkulu amene anakwatila ku Kaumbwe, kumtunda kumene ng'ombe zimakhala bwino, ndipo anali nazo ziwili zolima. Mitambo itayamba kusonkhana, tinafulumila kukonza munda wathu, ine ndi kunyamuka kukaphunzila pulawo kumeneko. Kubzala ndinawasiyila akazi anga ndi apongozi. Zimenezi zinandivuta mumtima, pakuti mkamwini wochoka pamudzi nthawi ya dzinja anthu amamunena, ndipo anandinenadi. Akazi anga ndi amene anayankha onse, ine kulibe.

Alamu anga anali munthu wamkulu thupi, wa mau ochepa. Tsiku loyamba sanandipatse pulawo. Anandiuza kuti ndiyende ndi ng'ombezo kudambo, ndizizikanda pakhosi, ndizilankhula nazo mpaka zizolowele fungo langa. Tsiku lachitatu anandiphunzitsa kumanga joko, mtengo uja umakhala pamakosi a ng'ombe, ndi kulumikiza tcheni. Nditagwila pulawo koyamba, ndinaikanikiza ndi mphamvu zanga zonse. Inadumpha, ng'ombe zinakhota, mzele unatuluka wopindika ngati njila ya kumadzi. Alamu anayang'ana mzelewo nthawi yaitali.

"Alamu, mwalemba chiyani apa? Ndi Chingelezi?"

Anandionetsa kuti kuzama kwa pulawo sikuchokela m'mapewa a munthu koma pa kagudumu ka kutsogolo ndi pamene wakoleka tcheni, ndipo kuti maso aziyang'ana mtengo wa kutsidya kwa munda, osati mapazi. Ndinakhala kumeneko milungu isanu. Manja anatuluka matuza ena pamwamba pa akale. Pochoka ndinali nditalima ndekha munda wonse wa mai wina wamasiye woyandikana nao, mizele yoongoka, moti alamu anangoti, "Eya." Kwa iwo amenewo anali mau ambili.

Nditabwelela ndinalemba kalata ina ya mizele itatu, kuwauza akalaliki kuti malangizo ao ndawatsata, ndaphunzila kulima ndi ng'ombe ku Kaumbwe, ndipo mwini ng'ombe angathe kundichitila umboni. Yankho silinabwele. Mwezi unatha, wina unatha. Ndinafuna kulembanso, koma akazi anga anati wamva wamva, kugogoda kawilikawili kumatopetsa mwini nyumba. Tinapalila, tinadya zowamba, tinakolola. Chimanga cha pamene panali nshawa chinachitadi bwino kuposa china, ndipo apongozi, amene mwamwambo sitinkayang'anana nkhope, anatumiza mau kudzela kwa mwana wao kuti mkamwini ayesenso mbali ya kumunsi. Ndinayamba kuganiza zopita ku migodi monga anzanga. Ndinafika pofunsa za malole oima pa Kacholola. Akazi anga sanandiletse, anangoti tidikile tione nshawa zikauma.

Kalata inafika m'nyengo yozizila. Aphunzitsi ulendo uno sanaikupize. Anandipatsa mwaulemu ndi manja awili, naima pambali. Boma linkatsegula minda yatsopano kufupi ndi Kaumbwe, kumene alimi ankaphunzitsidwa kulima ndi ng'ombe, ndipo pankafunika munthu wa miyezi isanu ndi umodzi. Sanandipatse ntchito m'kalatamo. Anandiitana kuti ndikayesedwenso.

Tinalipo atatu. Panalibe zolemba, anatitengela kumunda, ng'ombe zili chiimile, joko ili pansi. Dothi linali louma, losayenela kulima, koma bwana anangofuna kuona mmene munthu akuziyandikilila ng'ombezo. Ndinayamba ndi kuzikanda pakhosi. Imodzi inandipemelela mamina pa malaya oyela aja. Ndinamanga, ndinayendetsa mzele umodzi kupita ndi kubwela, ndipo madzulo anandiuza kuti ndiyambe mwezi ukakhala.

Ndisanachoke ndinalowa mu ofesi kukatsazika akalaliki. Anatsegula kabati, natulutsa faelo yopyapyala yomanga ndi chingwe. Munali makalata anga awili.

"Tikakana anthu, ambili sayankha," anatelo. "Sindiwaimba mlandu. Ena amayankha zoti sindingazionetse kwa bwana, ndimangoziika pansi pa zinzake. Yanuyi ndinamuonetsa. Anawelenga, anati isungidwe. Malowa atapezeka sitinalengeze patali, nthawi inali yochepa. Anandifunsa ngati ndikudziwa anthu, ine ndinatsegula kabati."

Ndinayamba kuthokoza, koma anakweza dzanja.

"Musalakwitse. Kalata siinakulembeni ntchito, zakulembani ndi ng'ombe zija. Kalata inangochititsa kuti tidziwe kokupezani." Anavula magalasi, nawapukuta. "Koma tandiuzani, mwana wanga. Munailemba nokha? Anyamata a Sitandade 6 ndimawadziwa. Salemba zazifupi."

Ndinawauza zoona, kuyambila pa masamba awili ndi theka. Anaseka mpaka kutsokomola, mesenjala anasuzumila pakhomo. Kenako anatsegula dilowa, natulutsa kapaketi ka tiyi, nati ndikapatse amai a kunyumba, ndikawauze kuti akalaliki a ku Boma apeleka moni kwa mnzao wa ntchito.

Ndinafika kumudzi tsiku lachiwili dzuwa likupendeka. Akazi anga anali pamtondo. Ndinali nditakonza panjila kuti ndifike ndi nkhope yachisoni ndiwanamize pang'ono, koma anandiona ndikadali patali ndi kuponya munsi pansi. Ati ndinkapalasa njinga ngati mwana. Nditapeleka tiyi ndi uthenga wake, anabisa nkhope m'nsalu, akuseka ndi kulila pamodzi, nati, "Ine kalaliki? Bambo amenewo asandiseke." Tiyiyo anaitanila amai ao, ndi aphunzitsi omwe, amene anamwa makapu awili akunena kuti iwo anadziwa kuyambila pachiyambi.

Akuluakulu a kuchikazi anandilola kutenga mkazi wanga kupita naye kuntchito. Nyumba imene tinapatsidwa inali ya chipinda chimodzi, pakati pa thengo longogwetsedwa kumene, zitsa zili mbwee. Sabata yoyamba yomweyo ndinabwela kuchokela kumunda ndi kuwapeza akukumba maenje kuseli kwa nyumba, pamene ankataila madzi otsukila mbale. Anali atapempha ana a nthochi kwa alamu.

"Amai, ntchitoyi ndi ya miyezi isanu ndi umodzi. Nthochi imatenga chaka ndi kupitilila."

"Tikachoka adzadya ena," anatelo. "Tandipatsani khasu lalikulu, ili likuchepa."

Miyezi ija itatha anandionjezela ina, kenako anandilemba zokhazikika. Mkoko woyamba wa nthochi tinaudula mwana wathu woyamba akukwawa, ndipo theka lake ndinalimanga panjinga kupita nalo ku Boma kwa akalaliki aja.